Kuchoka pa mutu kufika pa funso: chitsanzo cha kafukufuku wa m'kalasi 4

Wophunzira wa lisensiyatura asanayambe kulemba monogarafiya, amayenera kupereka pulojekiti ya kafukufuku kwa mlangizi wake. Mapulojekiti ambiri okhudza maphunziro a ziyankhulo ziwiri amabwera ndi mitu yonga uwu: "Ubwino wa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'chigawo cha Tete". Mutu wotere umasonyeza komwe kuli mtima wa wophunzirayo, koma sumuuza sukulu yoti apiteko Lolemba m'mawa, munthu woti akaonane naye, kapena chinthu choti akalembe m'kope akafika. Ntchito imeneyo ndi ya funso la kafukufuku. Funso limakhala lapsa pamene mungathe kunena, musanachoke pakhomo, chomwe mukaone kapena kumva, kwa yani, kuti, komanso kwa masabata angati, koma yankho lake musakulidziwa. Pofuna kuonetsa mmene munthu amafikira pamenepo, titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Yambani ndi chomwe chinakudabwitsani

Tiyerekeze kuti pali wophunzira wa chaka chomaliza, wochokera ku Angonia, yemwe walemba mutu tautchula uja. Mlangizi wabwino safulumira kukonza mawu a mutuwo. Amayamba wafunsa kuti: "Munaona chiyani m'kalasi chomwe chinakupangitsani kuganiza za nkhani imeneyi?" Kawirikawiri kuseri kwa mutu waukulu kumakhala kanthu kakang'ono komwe munthu anaona ndi maso ake, ndipo kafukufuku weniweni amamera pa kanthu kameneko.

Tinene kuti wophunzira wathu wayankha motere. Pa nthawi yomwe ankaphunzira ntchito pa sukulu ina ya pulayimale, anaona kuti ana a m'kalasi 3 ankayankha mafunso molimbirana pamene phunziro linali m'Chinyanja. M'kalasi 4, pa phunziro la masamu la m'Chipwitikizi, ana ankakhala duu, mpaka aphunzitsi atanena chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'Chinyanja, ndiye manja n'kuyamba kukwera. Kenako aphunzitsi ankabwerera ku Chipwitikizi ngati munthu wogwidwa akuchita choletsedwa.

Apa tapeza poyambira, ndipo malo ake m'dongosolo la maphunziro ndi odziwika. Mozambiki inayesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997 kudzera mu pulojekiti ya PEBIMO, yomwe inagwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. M'dongosolo lomwe linayamba mu 2003, ana amaphunzira m'chiyankhulo chawo m'makalasi oyambirira, Chipwitikizi chikuphunzitsidwa ngati phunziro, ndipo kalasi 4 ndi pomwe Chipwitikizi chinaikidwa kuti chiyambe kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Choncho chomwe wophunzira wathu anaona chinachitikira pamalo owolokera, pomwe mwana amachoka ku chiyankhulo china kupita ku chinzake. Mutu wake tsopano wachepa: sakukambanso za maphunziro onse a ziyankhulo ziwiri, akukamba za ntchito ya Chinyanja m'kalasi yowolokera.

Sankhani mtundu wa funso womwe mungausenze

Pa nkhani imodzi yomweyi munthu angafunse mafunso a mitundu itatu. Angafunse kuti chikuchitika n'chiyani. Angafunse kuti anthu omwe akuchita zimenezo amaziona bwanji. Angafunsenso ngati chinthu china chikuchititsa chinzake. Ophunzira ambiri amathamangira ku mtundu wachitatuwu chifukwa umamveka wolemera. Wophunzira wathu akhoza kulemba kuti: "Kodi kugwiritsa ntchito Chinyanja kumathandiza ana a m'kalasi 4 kukhoza masamu?"

Tiyeni tione zomwe funso limeneli lingafune. Kuti munene kuti Chinyanja ndicho chathandiza, mufunika magulu awiri a ana ofanana pa zonse, kupatula pa chiyankhulo chokha. Ku sukulu zathu magulu otere sapezeka okha. Mukayerekeza kalasi ya ziyankhulo ziwiri ndi kalasi ya Chipwitikizi chokha, mupeza kuti aphunzitsi ake ndi osiyana pa maphunziro ndi pa zaka za ntchito. Kalasi ina inalandira mabuku kumayambiriro kwa chaka, inayo inalandira mochedwa. Ina ili pafupi ndi tawuni ya Ulongwe pomwe ana amamva Chipwitikizi kumsika ndi pa wailesi yakanema, ina ili kumudzi komwe Chipwitikizi chimathera pa khomo la kalasi. Ngati gulu lina lakhoza bwino, simungadziwe ngati chachititsa ndi chiyankhulo, aphunzitsi, mabuku kapena dera. Kulekanitsa zinthu zimenezi kumafuna sukulu zambiri, mayeso okonzedwa bwino operekedwa poyamba ndi pomaliza, ndiponso nthawi yoposa chaka. Wophunzira mmodzi wokhala ndi miyezi yochepa ndi ndalama za m'thumba mwake sangakwanitse.

Pali vuto lachiwiri lomwe limabisala m'mafunso oyamba ndi "kodi kumathandiza". Nthawi zambiri wolembayo amakhala atadziwa kale yankho lomwe akufuna. Mungadziyese motere: ganizirani kuti zotsatira zatuluka zosemphana ndi zomwe mumayembekezera. Ngati mukuona kuti simungazilembe, ndiye kuti chomwe muli nacho ndi chikhulupiriro chofuna umboni, ndipo oyesa monogarafiya amachizindikira msanga.

Wophunzira wathu angachite bwino kutenga mtundu woyamba ndi wachiwiri: afotokoze chomwe chimachitika m'kalasi, ndipo amve kwa aphunzitsi eni ake chifukwa chomwe amachitira choncho. Mafunso a mitundu imeneyi amayankhika ndi maso, makutu ndi chojambulira mawu cha pa foni.

Ikani malire

Funso likhoza tsopano kumveka chonchi: "Kodi aphunzitsi amagwiritsa ntchito bwanji Chinyanja m'kalasi yowolokera?" Lakongola, koma likadali lotambalala. Liyenera kupatsidwa malire anayi, ndipo malire alionse akhale ndi chifukwa chomwe mungachiteteze pamaso pa oyesa.

Malire oyamba ndi phunziro. Wophunzira wathu wasankha masamu, chifukwa m'masamu n'kosavuta kuona pomwe aphunzitsi akufotokoza mfundo yatsopano ndi pomwe akungouza ana chochita. Akanasakaniza masamu ndi phunziro la Chipwitikizi, zotsatira zikanasokonekera, poti m'phunziro la Chipwitikizi aphunzitsi amakhala ndi chifukwa china chopewera Chinyanja.

Malire achiwiri ndi anthu. Ayang'ana aphunzitsi okha, osati ana. Mawu a mphunzitsi mmodzi woima kutsogolo amajambulika bwino pa foni, pomwe mawu a ana ambiri oyankhira pamodzi, kapena onong'onezana kumbuyo, amatayika.

Malire achitatu ndi malo. Wasankha sukulu ziwiri za m'boma la Angonia, ina ya pafupi ndi tawuni ndi ina ya kumudzi, mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse. Asanazilembe mu pulojekiti, ayenera kupita kapena kuimba foni kukatsimikiza kuti chaka chimenecho sukuluzo zilidi ndi kalasi 4 ya ziyankhulo ziwiri, komanso kuti masamu akuphunzitsidwa m'chiyankhulo chiti. Zolembedwa m'mabuku a dongosolo ndi zochitika pa sukulu sizifanana nthawi zonse. Ngati pa sukuluyo kuwoloka kukuchitika m'kalasi ina, funso liyenera kusamukira ku kalasi imeneyo.

Malire achinayi ndi nthawi. Wasankha tirimesitere yachiwiri. M'tirimesitere yoyamba makalasi amakhala asanakhazikike ndipo mvula imavutitsa m'misewu ya kumudzi, pomwe yachitatu imadyedwa ndi kubwereza ndi mayeso a kumapeto kwa chaka.

Funso lake tsopano lafika apa: "Kodi ndi pa nthawi ziti, ndipo pofuna kuchita chiyani, pomwe aphunzitsi awiri a kalasi 4 ya ziyankhulo ziwiri, pa sukulu ziwiri za ku Angonia, amachoka ku Chipwitikizi kupita ku Chinyanja pophunzitsa masamu m'tirimesitere yachiwiri, nanga iwo eni amafotokoza bwanji kusinthako?" Ndi chiganizo chachitali ndithu, koma mawu alionse mmenemo akutseka khomo lomwe likanamusocheretsa.

Tanthauzirani mawu kuti awerengeke

Mapulojekiti ambiri amagwera pa sitepe iyi ngakhale funso likumveka bwino. Mawu akuti "kuchoka ku Chipwitikizi kupita ku Chinyanja" amaoneka omveka mpaka mutakhala pansi ndi mawu ojambulidwa n'kuyamba kuwerenga. Kwathu kuno anthu ambiri, ngakhale akuyankhula Chinyanja, manambala amawatchula m'Chipwitikizi. Mphunzitsi akafunsa m'Chinyanja kuti nthochi zakutizakuti zigawidwe kwa ana angati, nambalayo n'kuitchula m'Chipwitikizi, kodi wasintha chiyankhulo? Nanga akamayankhula Chipwitikizi n'kuponyamo mawu amodzi oti "eti" kapena "basi"? M'phunziro la masamu zoterezi zimachitika pafupifupi m'chiganizo chilichonse, ndipo ngati mulibe lamulo, chiwerengero chanu chidzadalira mmene mwadzukira tsiku limenelo.

Wophunzira wathu ayenera kulemba lamulo lake mu pulojekiti. Mwachitsanzo: kusintha kudzawerengedwa pamene aphunzitsi, atakhala akuyankhula Chipwitikizi, anena chiganizo chathunthu chimodzi kapena zingapo m'Chinyanja; manambala, mayina a zipangizo za m'kalasi ndi timawu tongotsindika sizidzawerengedwa. Wina akhoza kusankha lamulo losiyana, ndipo palibe cholakwa, bola lilembedwe poyera ndi kutsatidwa mofanana m'maphunziro onse.

Mawu akuti "pofuna kuchita chiyani" nawonso amafuna magulu. Poyambira angaike magulu anayi: kufotokoza mfundo ya masamu, monga tanthauzo la chotsala pogawa, kupereka malangizo a ntchito, monga kutsegula buku kapena kukopera za pa bolodi, kufunsa ngati ana amva, ndi kudzudzula kapena kulimbikitsa. Asiye malo a gulu lachisanu la zomwe sizikulowa m'magulu anayiwa. Ngati gulu lachisanulo layamba kudzaza kuposa enawo, ndi chizindikiro chakuti magulu ake sakugwirizana ndi zochitika m'kalasi, ndipo ayenera kuwakonza.

Njira yodziwira ngati matanthauzo agwira ndi yosavuta. Mupatseni mnzanu wa m'kalasi tsamba limodzi la mawu olembedwa kuchokera ku chojambulira, pamodzi ndi lamulo lanu, musamuuze china chilichonse. Aliyense awerenge payekha. Ngati inu mwapeza kusintha 9 iye wapeza 20, vuto lili m'lamulo. Ngati mwasiyana pa malo amodzi kapena awiri, kambiranani malo amenewo, ndipo onjezani chiganizo chimodzi ku lamulolo.

Werengerani maola

Funso lingakhale lomveka koma losatheka kwa munthu amene walifunsa. Njira yotsimikizira ndi kuchita masamu a nthawi. Wophunzira wathu akufuna kuona maphunziro 6 kwa mphunzitsi aliyense, onse pamodzi 12. Ngati phunziro lililonse ndi la mphindi 45, adzakhala ndi mphindi 540, omwe ndi maola 9 a mawu ojambulidwa. Kulemba mawu a m'kalasi ya phokoso, a ziyankhulo ziwiri, ndi ntchito yapang'onopang'ono, ndipo n'kwanzeru kuwerengera maola 6 a kulemba pa ola lililonse lojambulidwa. Amenewo ndi maola 54. Ngati pa sabata angapeze maola 10, poti ali ndi maphunziro ena kapena ntchito, kulembako kudzamutengera pafupifupi masabata 6. Awonjezepo kucheza ndi aphunzitsi awiriwo, kusanthula, ndi kumasulira m'Chipwitikizi zidutswa zomwe adzaike mu monogarafiya. Zonsezi zikhoza kulowa m'miyezi ingapo.

Tsopano tione chomwe chikanachitika akanasankha sukulu 5, aphunzitsi awiri pa iliyonse. Maphunziro akanakhala 60, maola ojambulidwa 45, ndipo maola a kulemba 270. Pa maola 10 pa sabata, amenewo ndi masabata 27 a kulemba kokha, asanayambe kusanthula. Wophunzira wofika pamenepo amayamba kudumpha, kulemba zidutswa zomwe zamusangalatsa zokha, ndipo zotsatira zake sizikhalanso zodalirika. Kuchuluka kwa sukulu kukanaoneka kopatsa ulemu papepala, koma kukanawononga yankho.

Pa kalendala yomweyo aikepo nthawi ya zilolezo. Kalata yochokera ku yunivesite imayenera kudutsa ku ofesi ya maphunziro ya m'boma isanafike kwa mkulu wa sukulu, ndipo zimenezi sizitheka tsiku limodzi. Aphunzitsi ayenera kuvomera mwa kufuna kwawo kuti ajambulidwe, ndipo mayina awo, a ana ndi a sukulu asinthidwe mu monogarafiya. Funso lodalira aphunzitsi awiri lili ndi chiopsezo chake: mmodzi akasamutsidwa kapena akadwala, theka la kafukufuku lapita. N'chifukwa chake mu pulojekiti ndi bwino kutchula sukulu yachitatu yodikirira.

Yesani funso musanalipereke

Mayeso oyamba amachitikira patebulo. Tengani pepala, mujambule tebulo lomwe mukuganiza kuti lidzakhala m'mutu wa zotsatira: magulu anayi aja kumanzere, aphunzitsi awiri pamwamba. Kenako ganizirani njira zitatu zosiyana zomwe tebulolo lingadzazikire. Mwina Chinyanja chidzapezeka kwambiri pofotokoza mfundo, zomwe zingasonyeze kuti aphunzitsi amachidalira pomwe pali polimba. Mwina chidzapezeka kwambiri pa malangizo ndi kudzudzula, mfundo za masamu n'kumatsala m'Chipwitikizi chomwe ana sanachigwire. Mwinanso aphunzitsi awiriwo adzasiyana kotheratu. Yankho lililonse mwa atatuwa lili ndi chouza anthu ophunzitsa aphunzitsi, ndipo wophunzira wathu sangalosere lomwe lidzatuluke. Funso lomwe simungalijambulire tebulo lotere, kapena lomwe tebulo lake lingadzazike mwa njira imodzi yokha, libwerere pa moto.

Mayeso achiwiri amachitikira m'kalasi. Pemphani kuonera phunziro limodzi pa sukulu yomwe sidzakhala m'kafukufuku wanu, mujambule, mulembe mphindi 10 zokha. Phunziro limodzi lotere limaulula zomwe patebulo sizioneka. Zikhoza kupezeka kuti aphunzitsi amayankhula Chinyanja pafupifupi phunziro lonse, Chipwitikizi n'kumangomveka powerenga za m'buku. Zikatero, kuwerenga maulendo omwe "achoka ku Chipwitikizi" kulibe tanthauzo, chifukwa funso linaganiza kuti Chipwitikizi ndicho maziko. Wophunzirayo angatembenuze funso kuti lifunse gawo la phunziro lomwe limachitika m'chiyankhulo chilichonse, n'kumalemba pa mphindi ziwiri zilizonse chiyankhulo chomwe chikumveka ndi ntchito yomwe ikuchitika.

Zikhozanso kupezeka zosiyana ndi zimenezo: aphunzitsi osatulutsa liwu ngakhale limodzi la Chinyanja, chifukwa akuganiza kuti mlendo wokhala kumbuyo ndi kope wabwera kudzayendera ntchito yawo. Mungazindikire zimenezi poona ana. Akamayang'anana modabwa, kapena mwana akayankha m'Chinyanja mwachizolowezi n'kudulidwa msanga, dziwani kuti phunzirolo si la masiku onse. Chothandiza ndi kufotokozera aphunzitsi momveka kuti simunabwere kudzapereka malikisi, ndi kukonzeratu kuti mudzayambe mwakhala m'kalasi kamodzi kapena kawiri osajambula, kuti akuzolowereni. Masiku amenewo nawonso alowe m'kalendala.

Kulemba funso mu pulojekiti

Funso likakhazikika, zigawo zina za pulojekiti zimatuluka mwa ilo. Cholinga chachikulu ndi funso lomwelo lonenedwa ngati ntchito: kufotokoza nthawi ndi zifukwa zomwe aphunzitsi awiriwo amagwiritsira ntchito Chinyanja pophunzitsa masamu. Zolinga zing'onozing'ono zikhale zitatu basi: kupeza malo a m'phunziro pomwe kusintha kumachitika, kuika kusinthako m'magulu a ntchito zake, ndi kumva mmene aphunzitsi amakufotokozera. Cholinga chilichonse chikhale ndi chida chake. Ziwiri zoyambazo zidalira mawu ojambulidwa, chachitatu chidalira kucheza ndi aphunzitsi. Kuchezako kumapindula kwambiri mukawamvetsera kachidutswa ka phunziro lawo lomwe n'kufunsa kuti, "Apa Aphunzitsi munasinthira ku Chinyanja, munaona chiyani kwa ana?" Funso lotere limabala yankho lenileni kuposa kufunsa maganizo awo pa maphunziro a ziyankhulo ziwiri, pomwe ambiri amangobwereza zomwe anamva ku semina. Mukaona kuti mwalemba cholinga chopanda chida, monga "kuunika mmene makolo amaonera", chichotseni, chifukwa ndi funso la monogarafiya ina.

Funso limakusankhiraninso zowerenga. Mmalo mofufuza chilichonse chokhudza ziyankhulo, wophunzira wathu afunafuna zinthu zitatu: zikalata za INDE zonena za kalasi yowolokera, zolembedwa za kusinthasintha ziyankhulo m'kalasi, ndi kafukufuku wa m'makalasi a Mozambiki, monga wa Feliciano Chimbutane, yemwe anaonera makalasi a ziyankhulo ziwiri kum'mwera kwa dziko lino.

Pomaliza, pulojekiti inene poyera zomwe funsoli silidzayankha. Silidzanena ngati ana akhoza masamu chifukwa cha Chinyanja. Silidzaimira aphunzitsi onse a ku Angonia, ngakhalenso a ku Tsangano, Makanga kapena a m'mphepete mwa nyanja ku Niassa. Ngati aphunzitsi a kumudzi ndi a kufupi ndi tawuni asiyana, silidzatsimikiza kuti dera ndilo lachititsa, poti anthu awiri amasiyana pa zambiri. Chomwe lidzapereke ndi chithunzi cholondola cha maphunziro 12, chokhala ndi malamulo owerengera olembedwa bwino, moti wophunzira wa chaka chamawa angatenge lamulo lomwelo ndi magulu omwewo n'kukaonera aphunzitsi ena awiri m'boma lina. Monogarafiya zitatu kapena zinayi zotere zikaikidwa pamodzi zimayamba kuonetsa ngati zomwe zinaoneka ku sukulu ziwiri zija ndi za anthu awiri okha kapena ndi chizolowezi cha kalasi yowolokera.